Anthu 21 ndi botolo la chiponde

Achemwali anga amapanga chiponde ku 25, kuseri kwa nyumba yawo komwe anamangako kachipinda ka makina. Mtedza amakapikula ku Mchinji, wa CG7 wofiira uja, amasankha okha ndi atsikana awiri, kukazinga, kupukusa makoko, kugaya, kuika m'mabotolo. Chiponde chake n'chabwino, koma chaka cha 2024 malonda anangoima malo amodzi, anthu amagula kamodzi kenako zii, osabweranso. Poti ine ndinagwirako ntchito ya kafukufuku wa msika pa kampani ina yaing'ono mu Lilongwe muno, anandiitana tsiku lina Lamlungu titaweruka ku tchalitchi n'kundiuza kuti achimwene, tandifufuzireniko, anthuwa akufuna chani kwenikweni?

Iwo anali atayesa kale paokha. Anatumiza funso pa magulupu a WhatsApp lakuti mukamagula chiponde mumaona chiyani, ndipo pafupifupi aliyense anayankha zinthu ziwiri, mtengo ndi kwalite. Ndiye anatsitsako mtengo, phindu linachepa, koma anthu obwerera kudzagulanso sanachuluke. Sikuti anthuwo ananama ayi. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye munthu aliyense mukamufunsa za kugula kalikonse mawu oyamba kutuluka ndi mtengo, chifukwa ndi umene ukumupweteka tsiku ndi tsiku. Koma pa shelefu pakakhala mabotolo atatu osiyana mtengo pang'ono chabe, dzanja limapita pa limodzi, ndipo chimene chalikoka dzanjalo sichituluka pa funso ngati limenelo. Nanga kwalite ndiye kuti chani? Kwa wina ndi kusalala, kwa wina ndi fungo la mtedza wokazinga bwino, kwa wina ndi chivindikiro chosadontha. Mawu amodzi atsekera zinthu zambirimbiri zosiyana.

Chimene tinagwirizana ndi chakuti ndicheze ndi ogula m'modzim'modzi, kenako pa zimene anenazo tipange zimene pa ntchito yathu timati mapesona. Pesona ndi chithunzi cholembedwa cha mtundu umodzi wa kasitomala, tsamba limodzi lofotokoza munthu ngati kuti ndi m'modzi, koma ataumbidwa kuchokera kwa anthu enieni angapo amene amagula mofanana ndi pa zifukwa zofanana. Ntchito yake ndi yakuti mukamaganiza zosintha botolo kapena lebulo muzitha kufunsa kuti kodi uyu angatani nazo, m'malo mongoti anthu, chifukwa anthu onse pamodzi safuna chinthu chimodzi.

Ndinayamba ndi kusankha oti ndicheze nawo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya chifukwa amangofunsa makasitomala awo okhulupirika, omwe adzangowayamikira basi. Ine ndinagawa patatu. Anthu 7 amene amagula chiponde cha achemwali mpaka pano, 7 amene anagulako n'kusiya, ndi 7 amene amagula cha ena ndipo chathu sanachilaweko. Osiya aja ndiwo anavuta kuwapeza koma ndiwo anali ndi nkhani zolemera. Ena tinawapeza mu kope la maoda la achemwali, ena anatilozera ndi eni maokala, poti mwini okala amadziwa bwino kuti mayi uje kale amatenga ichi pano amatenga icho. Ndinayenda ku 25 komweko, ku Kawale, ku Chinsapo, ndi kunja kwa mashopu akuluakulu a mtauni, kwa masabata atatu, ndipo ndinachita dala kuti masiku ena agwere pakati pa mwezi, ena kumathero a mwezi anthu atalandira. Munthu yemweyo pa 14 ndi pa 28 amagula ngati anthu awiri osiyana.

Kuyamba kucheza kwenikweniko kuli ndi mavuto ake a kwathu kuno. Ukafika ndi kope ndi cholembera m'dera ngati Chinsapo anthu amayesa wabwera kudzalemba maina a chithandizo, ndiye mayankho onse amapendekera ku umphawi, sitikwanitsa bambo, zinthu zavuta. Ndinaphunzira kunena poyambirira penipeni kuti sindine wa bungwe, sindikulemba maina, ndikuthandiza munthu wina amene amapanga chiponde ndipo dzina la chipondecho ndikuuzani pomaliza. Dzinalo ndimalisunga mpaka pomaliza chifukwa cha ulemu wathu uja. Mayi akadziwa kuti mwini wake ndi m'bale wako sangakuuze pamaso kuti chinandinyansa, angoti ndi chabwino ndithu, kungoti ndalama. Ndimapempha chilolezo ndisanajambule mawu pa foni, akakana ndimangolemba, ndipo maina awo sindilemba, ndimangoika nambala. Ndimayesetsanso kuti tisachezere pa kauntala mwini okala akumva, kapena bambo a panyumba ali pomwepo, chifukwa kawiri konse bambo ndi amene amayankha pomwe wogula ndi wophika ali mayi. Kucheza kumodzi kumatenga mphindi 20 kapena 25, ndipo ka zikomo ka mayunitsi ndimapereka pomaliza osalengeza poyamba.

Funso loyamba ndi limene limasenza ntchito yonse. Sindifunsa kuti mumakonda chiponde chotani. Ndimati, tandikumbutsani ulendo womaliza umene munagula chiponde, linali liti, munali kuti? Munthu akamakumbukira tsiku lenileni amasiya kukuuza zimene akuganiza kuti munthu wanzeru ayenera kunena, amayamba kufotokoza zimene zinachitika. Ndiye umangomutsatira pambuyo. Munapita ndi ndani, munali ndi ndalama zingati m'manja, panali mabotolo angati, munanyamula liti poyamba, munalitembenuza kuwerenga kumbuyo kapena ayi, mutafika kunyumba analitsegula ndani. Ngati tili pakhomo ndimapempha kuti andionetse botolo limene lili m'nyumba, ngakhale lotha lomwe asungiramo mchere, poti nthawi zina munthu amatchula dzina lina koma m'kabati muli lina.

Mayi wina ku Kawale, nambala 9 mu kope langa, anali m'gulu la osiya aja. Ndinawapeza akuchapa, mwana wa chaka ndi miyezi ingapo ali kumbuyo.

Ndinati, "Mayi, ulendo womaliza munagula chiti?"

Anatchula cha kampani ina, chokwererapo mtengo pang'ono kuposa chathu.

"Kale mumagula chomwechi?"

"Ayi, ndinayesako china cha lebulo yobiriwira, koma ndinangogula kamodzi."

Lebulo yobiriwira ndi yathu. Mtima unagunda koma ndinangoti, "Chinachitika n'chiyani mutafika nacho kunyumba?"

"Chinali bwinobwino. Kungoti chinali ndi timibulu."

Apa wofunsa wofulumira amalemba kuti akufuna chosalala n'kupita funso lina. Koma kusalala ndi pamwamba chabe, pansi pake pali chifukwa, ndipo umatsika pang'onopang'ono ngati ukutsika pa makwerero, funso lililonse likuchokera pa yankho lomwe wangomva. Sindikonda kufunsa kuti chifukwa chiyani mobwerezabwereza, m'Chichewa zimamveka ngati ukuzenga mlandu. Ndimati, ndiye timibulu tikakhalamo zimatha bwanji?

"Uyu amalavula. Ndimathira mu phala lake m'mawa, akangomva kanthu pa lilime basi watseka pakamwa."

"Akatseka pakamwa?"

Anakhala chete kanthawi, akufinya chovala. Ine osayankhula. Kukhala chete kumeneku n'kovuta, m'kamwa mumayabwa kufuna kumuthandiza munthu ndi yankho, koma ukangomupatsa mawu ako amangovomera ndipo wataya ake. Kenako anati, "Mwezi umene uja kusikelo sanakwere. Anandifunsa pagulu kuti mwanayu mukumudyetsa chani. Ndiye apongozi anga anamva."

Mayi ameneyu sagula kusalala. Akugula kuti mzere wa mu buku la kusikelo uzikwera, ndi kuti asaimenso pagulu la amayi anzake akufunsidwa ngati wosasamala mwana. Pa ichi ndi wokonzeka kuwonjezera ndalama ngakhale pakati pa mwezi, ndipo kutsitsa mtengo kwa achemwali sikukanamubweza ngakhale pang'ono. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno chakudya chimene amapereka ku chipatala kwa ana onyentchera anthu amachitcha chiponde chomwecho, ndiye m'mutu mwa amayi ambiri mawuwa anamangirirana kale ndi thanzi la mwana, zimene achemwali sanaziganizireko, iwo amaona ngati akugulitsa chopaka pa buledi.

Usiku uliwonse ndimakhala pansi kulemba zonse za tsikulo ndisanagone, chifukwa ukadikira mawa anthu atatu amasakanikirana m'mutu. Mfundo iliyonse ndimailemba pa kapepala kakekake, m'mawu a mwini wake, ndi nambala yake pakona. Pofika munthu wa 15 kapena 16 ndinayamba kumva zomwe ndamva kale, ndimatha kulosera yankho munthu asanamalize, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti watsala pang'ono kukwanira. Ndinamalizabe onse 21 chifukwa gulu la ogula kwa ena linali lisanakwane.

Loweruka lina tinayala mkeka pabwalo kwa achemwali, timapepala topitirira 150, timiyala pamwamba kuti mphepo isatenge. Poyamba tinasanja momwe aliyense amaganizira, amayi uku abambo uku, a ku Chinsapo uku a ku 47 uku, achinyamata paokha. Sizinatuluke kanthu, mulu uliwonse unali ndi zonena zotsutsana. Mayi wa ku 47 wa galimoto yake ndi mayi wa ku Kawale uja amanena chinthu chimodzimodzi cha phala ndi sikelo, pomwe amayi awiri oyandikana nyumba ku 25 amasiyana kotheratu. Tinaphwasula n'kuyambanso, ulendo uno tikufunsa zinthu ziwiri pa munthu aliyense, chipondecho chikukagwira ntchito yanji, ndipo akuopa kuti chingalakwike n'chiyani. Pamenepo milu inadzipanga yokha, itatu, ya anthu 8, 6 ndi 5, ndipo awiri anatsala osalowa paliponse.

Mulu wa 8 ndi wa mayi wa phala uja. Amagula kabotolo kakang'ono pa okala yapafupi, kawiri kapena katatu pa mwezi, saona lebulo kwambiri koma amafunsa mnzake kapena mwini okala, ndipo akakhumudwa kamodzi sabwerera komanso sadandaula, amangosintha mwakachetechete. Mulu wa 6 tinautcha wa kumathero a mwezi, anthu a pa ntchito za muofesi ogula botolo lalikulu mu shopu yaikulu pamodzi ndi shuga ndi sopo. Awa amatembenuza botolo, amafuna deti ndi chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo anayi mwa iwo anatchula okha za chuku cha mu mtedza, poizoni uja wa afulatokisini amene amabwera mtedza ukasungidwa ponyowa, ine ndisanafunse. Mulu wa 5 ndi makolo a ana a kusukulu zogonera konko, amene amagula mabotolo awiri kapena atatu teremu ikamatsegulidwa. Bambo wina anandifotokozera momwe botolo linatayikira mu chikwama pa basi n'kuononga yunifolomu yatsopano ndi makope, mwana n'kufika kusukulu akulira. Kwa iyeyu nkhani yonse yosankha chiponde ili pa chivindikiro.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nkhani ya mafuta. Chiponde chopanda mankhwala ochilimbitsa chikakhala masiku, mafuta a mtedza amayandama pamwamba, ndi chilengedwe chake. Achemwali amadana nazo ndipo amafuna kuyamba kuthira zolimbitsa ngati makampani akuluakulu. Pa mkeka paja tinapeza kuti mafuta omwewo akunena zinthu ziwiri zotsutsana. Anthu a kumathero a mwezi ena amati akaona mafuta pamwamba amadziwa kuti ndi mtedza weniweni. Amayi a phala atatu anati akaona mafuta amaganiza kuti chakhalitsa pa shelefu, kapena wopanga wathiramo mafuta ophikira kuti chichuluke. Tikanangowerenga kuti angati atchula mafuta tikanapeza nambala yopanda tanthauzo. Zinatheka kuzimasula chifukwa timadziwa kuti wanena ndi ndani ndipo akuopa chani.

Polemba mapesonawo ndinaika lamulo limodzi, mzere uliwonse pa tsambalo uzikhala ndi manambala a anthu osachepera atatu amene ananena kapena kuchita zimenezo, ukasowa atatu mzerewo uchoke. Lamuloli linachotsa zinthu zambiri zimene ine ndi achemwali timazikonda. Mwachitsanzo iwo amakhulupirira kuti anthu amagula chifukwa ndi cha ku Malawi konkuno, chopangidwa ndi mayi. Pa anthu 21 anatchula zimenezo ndi m'modzi yekha, ndipo anatchula nditamuuza kale dzina pomaliza. Zinawawawa achemwali, ndinaona nkhope yawo, koma mzerewo unachoka. Ndaonapo mapesona ena m'maofesi okhala ndi chithunzi cha munthu womwetulira chotengedwa pa intaneti, zaka zake, timu ya mpira imene amasapota, nyimbo zimene amakonda, zonse zongopeka pa desiki. Njira yodziwira pesona yopeka ndi yosavuta, funsani kuti mzere uwu ananena ndani, ndipo funsaninso kuti tsambali likutiuza kuti tisinthe chani Lolemba. Ikalephera mafunso awiriwa ndi chokongoletsa khoma chabe. Athu anali ndi zinthu zochepa, amagula liti ndi kuti, botolo lanji, la ntchito yanji, amaopa chani, amadziwa bwanji kuti ichi n'chabwino asanatsegule, chimamuchotsa n'chiyani, ndi mawu ake enieni awiri kapena atatu.

Kenako panabwera kusankha, poti bizinesi ya anthu atatu singathamangitse onse nthawi imodzi. Tinagwirizana kuti wa kumathero a mwezi timusiye kaye. Popanda chizindikiro cha MBS sagula, ngakhale lebulo ikongole bwanji, ndiye ndalama zimene achemwali amafuna kuononga pa zotsatsa za pa Fesibuku zolunjika anthu a maofesi zinapita ku kukonza kachipinda kaja kuti ayambe ndondomeko ya satifiketi. Mphamvu zonse zinapita kwa mayi wa phala. Chiponde cha m'mabotolo ang'onoang'ono anayamba kuchigaya kawiri mpaka timibulu titheretu, ndipo pa lebulo anawonjezera mawu akuti mafuta akayandama takasani, ndi a mtedza womwewo, muli mtedza ndi mchere basi, komanso deti lopangira lolembedwa moonekera. Zolimbitsa zija sanathire. Kwa makolo a ana a kusukulu anangoyamba kumata kapepala kotseka pakamwa pa botolo pansi pa chivindikiro, ndi kukonzekera katundu wambiri sabata ziwiri teremu isanatsegulidwe.

Pano ndinene za malire a ntchitoyi chifukwa anthu amaigwiritsa molakwika. Anthu 8 mwa 21 sizikutanthauza kuti 38 peresenti ya ogula chiponde mu Lilongwe ndi amayi a phala. Anthuwo ndinawasankha ndekha, m'madera amene ndinafikako, ndiye kucheza kumakuuza mitundu ya anthu imene ilipo ndi zifukwa zawo, osati kuchuluka kwawo. Kuchuluka umakakuona mu kope la malonda. N'chifukwa chake sitinasinthe paliponse nthawi imodzi. Mwa maokala asanu amene amatenga katundu wathu, atatu tinawapatsa chogaya kawiri cha lebulo yatsopano, awiri anapitiriza ndi chakale kwa mwezi ndi theka, mtengo umodzimodzi. M'maokala atatu aja dazeni imene imatha masabata awiri inayamba kutha masiku 9 kapena 10, m'mawiri aja sizinasinthe. Si zodumphira m'mwamba, koma zinali zokwanira kuti achemwali asinthe konse, ndipo anabweza mtengo pomwe unali poyamba.

Chinanso, pesona si munthu wokhazikika. Mayi wa nambala 13 ndinamuika mu mulu wa phala, koma ali ndi mwana wamkulu ku sekondale yogonera, ndiye sabata yotsegulira sukulu amasanduka kholo la chivindikiro. Ndipo mwana wa phala uja akukula, pakatha zaka ziwiri mayi ake adzakhala akuopa zina. Tsambalo limakalamba, makamaka mitengo ikamasintha ngati momwe ikuchitira masiku ano, ndiye tinagwirizana kuti chaka chilichonse tizichezanso ndi anthu 5 kapena 6 kuona ngati likugwirabe.

Awiri otsala aja sindinawakakamize kulowa mulu uliwonse, timapepala tawo tili mu envulopu payokha. M'modzi ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene amadya chiponde ndi supuni m'mawa asanatuluke chifukwa chimamugwira m'mimba mpaka masana osaima kugula chakudya. Winayo ndi bambo wa ku Mchesi amene ndinakumana naye kunja kwa shopu mtauni, amagulira bambo ake okalamba omwe mano anatha ndipo nsima ikuwavuta kumeza. Anandifunsa ngati kuli chiponde chopanda mchere poti madala ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndinamuuza kuti chathu chili ndi mchere. Achemwali atamva anapanga mabotolo 6 opanda mchere n'kukasiya pa okala ina ku 25, ndipo tinamupempha mwini okala kuti aliyense wogula azimufunsako kuti akugulira ndani.